Malonje a ku Halale: mmene a ku Lifidzi tinkadziwirana m'dziko la eni

Inu ana a lero, mukakumana ndi munthu wa kwathu ku Beira kapena ku Joni, mumangogwirana chanza, n'kupatsana manambala a foni, aliyense n'kumapita. M'masiku athu kupatsana moni kutali ndi kwanu inali ntchito yofuna nzeru. Inali ndi poyambira ndi potsirizira, ndipo munthu wophonya ndondomeko yake ankatha kudziika m'mavuto, kapena kumupweteka mnzake mtima mosayenera. Mverani mmene zinkayendera ku Rodeziya, kumene amuna ambiri a kuno ku Lifidzi, a ku Domwe ndi a ku Ulongwe anathera unyamata wawo.

Choyamba mudziwe chimene chinkatichotsa pamudzi. Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadula pakati anthu amodzi, Angoni a kwa Maseko pamodzi ndi Achewa amene ankakhala nawo. Gomani anatsala mbali ya Angerezi, ife tinagwera kwa Apwitikizi. Mbali yathu kunali msonkho, kunali mbalamatodya, ndipo kunali chibalo. Asipayi ankabwera kwa nyakwawa kudzafuna amuna, ndipo ogwidwawo ankatumizidwa miyezi 6 ku minda ya nzimbe ya kunsi kwa Zambezi kapena kukalambula misewu, malipiro ake osakwana n'kugula bulangete labwino. Ku Rodeziya nako sikunali kokoma, koma kumeneko munthu ankalandira masheleni m'manja, ndipo akatopa ndi bwana uyu ankatha kuyesa wina. Mu 1913 maboma awiriwo anachita kupangana kuti olemba anthu ntchito a ku Rodeziya azitenga amuna m'chigawo cha Tete. Panganolo linatha mu 1934, koma mapazi a anthu anali atazolowera kale njirayo. Ankatsika kumapiri kuno, kuwoloka Zambezi, n'kukatulukira ku Mtoko kapena ku Darwin, kenako kubalalika m'minda ya fodya, m'migodi monga wa Shamva ndi wa Wankie, ndi mumzinda wa Salisbury umene ife tinkangouti Halale.

Tsono pali chinthu chimene chinapangitsa moni wathu kukhala wosiyana ndi wa anzathu a ku Nyasalandi. Iwo ankatha kutchula kwawo mokweza pamaso pa wapolisi. Ife ayi. Ambiri tinachoka mozemba, opanda chilolezo cha boma la Apwitikizi. Ndipo mu 1958, nthawi ya chitaganya, boma la Rodeziya linakhazikitsa lamulo loletsa anthu akuda ochokera kunja kwa chitaganyacho kudzafuna ntchito m'mizinda ikuluikulu. Wa ku Dedza anali wa m'chitaganya. Wa ku Lifidzi, amene amamwa madzi a mapiri omwewo, anali mlendo woyenera kukalima fodya kufamu. Nanga munthu akanatani? Ambiri ankayamba awolokera ku Dedza kapena ku Ntcheu kwa abale, n'kulembetsa m'mudzi wa kumeneko, kuti chitupa chizinena kuti ndi a kwa Kachere, a kwa Kasumbu kapena a kwa Gomani. Zuze ankasanduka Yosefe, Juwawu ankasanduka Yohane. Wobatizidwa kuno ku mishoni ya Lifidzi ankati anabatizidwa ku Bembeke, poti nakonso n'kwa Akatolika ndipo mapemphero ake ndi omwewo.

Choncho munthu mmodzi ankayenda ndi midzi iwiri, wa pachitupa ndi wa mumtima. Moni ndiye inali njira yodziwira kuti uyu ndimuuza mudzi uti.

Ine ndinapita ndili mnyamata, m'zaka zomaliza za chitaganya, ndipo anandiperekeza ndi amalume amene anali atakhalako kale. Iwo ndiwo anandiphunzitsa kuti munthu wosamudziwa sumuyamba ndi Chinyanja, ngakhale nkhope yake ikuoneka ya kwanu. Umayamba ndi chiyankhulo cha pamalopo. Pantchito chinali Chilapalapa, chija cha mabwana ndi akapitawo: "Kanjani?" iye n'kuti "Mushe." Chilapalapa sichinali cha mtundu wa munthu aliyense, choncho sichinkaulula kanthu. Chinali chabwino polamulana ndi pofunsa fosholo, koma palibe amene ankafunsira nacho za odwala kumudzi. M'lokeshoni, m'misika ndi m'mabasi chinali Chishona. M'mawa umati "Mangwanani, marara sei?" ndipo yankho lake ndi "Ndarara kana mararawo," ndiye kuti ndagona ngati inunso mwagona.

Apa ndi pamene khutu linkagwira ntchito. Mshona sanena "l", lilime lake limagubuduza "r". Ife ndi "l" yekhayekha, ndiye wa kwathu ankati "malala sei". Ashona alinso ndi kaliwu kena kotuluka ngati likhweru, monga m'mawu akuti "zvakanaka". Wa kwathu, ngakhale akhaleko zaka makumi awiri, ankangoti "zakanaka". Ukamva zimenezo umadziwa kuti uyu wachokera kutsidya kwa Zambezi. Koma kutsidya kwa Zambezi n'kwakukulu. Akhoza kukhala Mnyungwe wa ku Tete, Msena, Myao, Mtonga wa ku Nkhata Bay, kapena Mngoni wa kwa Mpezeni ku Fort Jameson.

Ndiye umaponya liwu limodzi lokha la kwathu, ngati mwangozi. Amalume ankakonda kutsiriza ndi "Wawa" kapena "Zikomo" m'malo mwa kuthokoza kwa Chishona. Munthuyo akalitola liwulo n'kulibweza, njira yatseguka. Akalisiya pansi, nawe umalisiya, n'kupitiriza m'Chishona. Sumamukakamiza. Ali ndi chifukwa chake, mwina pali kapitawo pafupi, mwina apongozi ake Achishona akumva.

Ndikuuzeni za tsiku lina, kuti muone ndondomeko yonse mmene inkayendera. Linali Lamulungu, titatuluka Misa ku St Peter's, tchalitchi cha ansembe Achijezuiti m'lokeshoni ya Halale imene lero amati Mbare. Anthu a ku Lifidzi tinkakonda kumeneko chifukwa mishoni yathu nayonso inayambitsidwa ndi Ajezuiti, ndipo masiku amenewo Misa inali m'Chilatini, yofanana ndendende ndi ya kuno. Ulaliki wokha ndiwo unali m'Chishona. Titafika pa Musika tinamva bambo wina wa imvi za apo ndi apo akutsutsana mtengo wa nyemba ndi mayi wogulitsa. Chishona chake chinali chosalala kuposa cha amalume, koma "l" anali momwemo. Amalume anaima pambali pake, n'kumupatsa moni wa masana m'Chishona. Iye anayankha. Amalume anatola nyemba pang'ono m'dzanja n'kunena chapansipansi, ngati akudziyankhulira okha, kuti, "Koma nyemba zake n'zofumbwa." Bamboyo sanatembenuke msanga. Analipira kaye, n'kumanga kathumba kake, kenako anati, "Zofumbwadi, wawa."

Tinapatuka pagulu n'kukaima kuseri kwa mpanda. Pamenepo ndi pamene panabwera moni weniweni, wa Chinyanja, wogwirana chanza dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja. Ine monga mwana ndinanjuta, n'kukhala chete.

"Kumudzi n'kuti, wawa?" anafunsa amalume.

"Ku Dedza."

"Ifenso ku Dedza. Kwa yani?"

"Kwa Kachere."

Onse awiri anali atanena za pachitupa, ndipo aliyense ankadziwa kuti mwina mnzakeyo sananene zonse. Amalume sanafunse kuti "kodi ndinu wa ku Chipwitikizi?" Funso limenelo linali la apolisi, munthu wabwino sankalifunsa. Anangoyamba kucheza za mtengo wa zinthu, ndipo pocheza anafunsa kuti bamboyo anabwera liti. Iye anati anachoka kumudzi ali ndi zaka "vinti". Wa ku Dedza weniweni akanati "twente". Ife tinaphunzira kuwerenga manambala m'Chipwitikizi, ndipo munthu akhoza kusintha dzina, kusintha mudzi, koma akamawerenga mosaganizira lilime limabwerera kumene linaphunzira. Chimodzimodzi ndi mawu ena: iwo ankati sukulu, ife shikola, iwo sitolo, ife kantina. Amalume anamwetulira n'kuti, "Bodiya, sinyolo," ngakhale dzuwa linali litapendeka kale. Bamboyo anaseka mpaka kugwira mpanda. Kenako anafunsa funso limene linali chizindikiro chakuti watikhulupirira: "Phiri la Domwe mumaliona mbali iti mukatuluka m'nyumba m'mawa?"

Onani funso limenelo. Munthu wabodza akhoza kuloweza dzina la mfumu, koma sangadziwe kuti Domwe amaoneka bwanji uli pakhomo pako, kapena kuti popita ku Ulongwe umawolokera pati mtsinje ukadzaza. Mafunso otere ankateteza anthu, chifukwa kunali ena ongophunzira mayina a midzi kuti adye nsima ya anzawo, abwereke ndalama n'kusowa. Kunalinso mantha a akazitape. Amalume atayankha, anatchulirana anyakwawa, anatchulirana dambo lodyetsako ng'ombe, mpaka zinadziwika kuti mudzi wa bamboyo ndi wathu ndi yoyandikana, mtunda woyenda m'mawa umodzi.

Pambuyo pa mudzi pankabwera mfunda. Dzina la ubatizo silinkafunsidwa msanga, poti mwina ndi la pachitupa, koma mfunda munthu sanama. Bamboyo anati ndi Ngozo. Amalume anati iwo ndi Phiri, ndipo agogo awo aakazi anali Nangozo. Basi, chibale chinapezeka. Kuyambira pamenepo sanatchulanenso "wawa" chabe. Anayamba kuitanana monga timachitira kuno kumapiri, "oNgozo", "oPhiri", ndipo ine ndinauzidwa kuti awa ndi agogo ako, uziwatumikira. Mfundawu unkatithandizanso kwa eni dziko. Ashona ali ndi mitupo yawo, ndipo ankati Phiri ndi chimodzimodzi ndi Soko. Choncho Mshona wa Soko akamva kuti ndiwe Phiri ankatha kukutenga ngati m'bale, ngakhale kukuuza kuti ana ake aakazi ndi alongo ako.

Tsopano ndifike pa gawo limene linali lolemera koposa, la malonje. Lamulo lake linali lakuti amene wachoka kumudzi posachedwa ndiye ali ndi ngongole ya nkhani. Ife tinali titangofika kumene, pamene oNgozo anali atatha zaka zambiri osaponda kwawo. Ndipo amalume, atangomva dzina la mudzi ndi la banja, anazindikira kuti mayi a bamboyu anamwalira dzinja lapitalo. Iwo anali nawo pamaliropo.

ONgozo anafunsa pomwepo kuti, "Nanga kumudzi kuli bwanji?" Amalume anayankha kuti, "Kumudzi kuliko. Tikakhale pansi." Munthu wamkulu akamva yankho lotero amadziwa kuti pali kanthu, koma safunsanso. Uthenga wa maliro sunenedwa choimirira, sunenedwa pamsewu, ndipo sunenedwa m'chiyankhulo cha eni. Tinapita kuchipinda chimene ankakhala, tinaphika nyemba zomwe zija, tinadya. Titasamba m'manja amalume anayamba malonje kuchokera patsiku limene tinanyamuka. Ananena za njira, za powolokera Zambezi, za amene tinakumana nawo. Kenako za mvula, kuti chimanga chinachita bwino koma kachewere anapsa ndi chiwawu m'madimba ena. Kenako za ng'ombe, za msonkho, za amene agwidwa chibalo, za amene akwatira ndi amene abereka. Mwini nyumba ankangovomera kuti "Eya, wawa", "Zikomo", osadula mawu. Atatha za amoyo anafika pa odwala, ndipo pa odwalapo anatchula mayi aja. Anati anadwala chifuwa nthawi ya mvula, anthu anayesa mankhwala, anawatengera ku mishoni, ansembe anawadzoza mafuta. Apo anaima pang'ono. Kenako anati, "Pepani oNgozo, omayi anatisiya. Tinawaika bwino, ndipo alongo anu ndiwo akusunga nyumba."

Mwina inu mukuona ngati kumeneko kunali kumuzunza munthu, kumudyetsa kaye nsima uku ukudziwa. Ine ndimati kunali kumusamala. Munthu amene ali yekha m'dziko la eni, akalandira uthenga wotero pamsika, alirira kuti? Pofika pa mawu omalizawo iye anali atakhala pansi, ali ndi anthu a kwawo pambali, ndipo mtima wake unali utayenda kale pang'onopang'ono kuchokera ku mvula mpaka ku matenda. Usiku umenewo sitinachoke. Uthenga unayenda m'mahositelo, ndipo anabwera amuna ena a ku Angoniya ndi a ku Ntcheu, aliyense ndi kandalama kake ka chipepeso. Tinachezera kuimba nyimbo za maliro za kwathu. Anansi Achishona nawo anabwera kudzagwira chanza, ndipo iwo akalowa tonse tinkatembenukira ku Chishona mpaka atatuluka.

Chimenecho chinali lamulo linanso, ndipo amalume ankalisunga kwambiri. Mwini dziko akakhala pakati panu, simupitiriza Chinyanja ngati palibe munthu. Ziyankhulo ziwirizi n'zapachibale, iye amatolako mawu ena, ndipo theka limene sakumvalo amaliyesa miseche. Ndewu zambiri za m'mabhawa zinkayamba choncho. Ngati pali mawu ofunika kumuuza wa kwanu, umapepesa kaye kwa Mshonayo, kunena mwachidule, n'kumumasulira. Kufanana kwa ziyankhuloku kunalinso ndi misampha yake. Mlendo wongofika kumene ankati akalankhula Chinyanja pang'onopang'ono amumva. Ndiye afunse mayi wa Chishona kumene kuli mowa, iye n'kumulozera bonongwe, poti kwa iwo mowa ndi ndiwo zamasamba. Kapena afunse kuti "mwagona?" osadziwa kuti kugona kwa iwo ndi kukhoza chinthu.

Tisabise, sikuti eni dziko onse ankatilandira. Ankatitcha Mabulandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale ife amene Blantyre sitinamuonepo, ndipo panali mayina ena achipongwe oposa apa. Chifukwa cha ichi anyamata ena ankachita manyazi ndi chiyankhulo chawo. Pamaso pa atsikana ankadzisandutsa Ashona, ndipo ukawapatsa moni wa kwathu ankayang'ana kumbali. Ku Bulawayo zinali zosiyanako. Kumeneko ndi kwa Amandebele, amene makolo awo anachokera kumwera monga makolo a Angoni. Chingoni ife tinali titachitaya kale, chinangotsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'mawu monga inkosi, nduna ndi bayethe. Komabe Mndebele akamva kuti ndiwe Maseko ankakuyang'ana kawiri, ndipo akuluakulu ena a kwathu ankanyadira kuyankha "Salibonani" ngati akubwerera ku chiyankhulo cha agogo awo.

Ovuta kuwapatsa moni anali matchona, aja anapita n'kusabwerera, osatumiza kalata kapena ndalama. Mtchona ankaopa moni wa kwawo kuposa wapolisi, chifukwa moniwo unkabwera ndi mafunso: mkazi munamusiya uja, ana aja, msonkho umene akulipirirani abale. Ambiri anali atakwatira kumeneko, ana awo osadziwa liwu limodzi la Chinyanja. Ukamuponyera "Zikomo" iye ankabweza Chilapalapa chouma. Amalume ankati munthu wotere usamuchititse manyazi pagulu, ndipo usamutumizire mawu aukali a kumudzi tsiku loyamba. Umangomuuza kumene anthu a kwathu amakumana Lamulungu, n'kumusiya. Ena ankabwera patapita miyezi, n'kukhala kumbuyo osayankhula. Ena ankabwera atadwala. Ndipo ngakhale amene anatikana moyo wake wonse, akamwalira tinkapita kukamuika, chifukwa mabungwe a maliro amene anthu ochokera kutsidya kwa Zambezi anayambitsa m'migodi ndi m'malokeshoni anali a ntchito imeneyo. Pamanda pankafunika munthu mmodzi wodziwa kutchula mudzi wake weniweni ndi mfunda wake, kuti uthenga ukafike kwa eni ake.

Moni unkathera pa kutumana. Munthu akatsala pang'ono kubwerera kumudzi, onse amene anapatsana naye malonje ankabwera ndi katundu wawo: uyu mapaundi awiri omanga pakansalu, uyu bulangete la amayi ake, uyu kalata. Amene tinaphunzira pa mishoni ndife tinkalembera anzathu makalatawo, m'Chinyanja, koma kalembedwe kake kosakanikira ndi ka Chipwitikizi, moti wa ku Nyasalandi akaiona ankadziwa kuti wolembayo ndi wa kutsidya. Wonyamulayo ankaloweza pamtima kuti ichi n'cha uje, icho n'cha uje, ndipo akafika kuno ankayenda mudzi ndi mudzi kupereka katundu pamodzi ndi malonje a ku Halale, kuyambira tsiku limene ananyamuka. Wodya ndalama yotumidwa mbiri yake inkabwerera ku Rodeziya ndi munthu wotsatira, ndipo akadzapitanso ankapeza kuti moni wake anthu akuyankha m'Chishona.

Chibalo chinathetsedwa pa lamulo mu 1961, chitaganya chinatha mu 1963, ndipo nkhondo zitayamba njira ya ku Tete inaopsa. Kenako m'zaka za m'ma 1980 nkhondo inatithamangitsa tokha, midzi yathunthu, kupita ku Dedza ndi ku Ntcheu komwe kuja tinkanamizira kuti n'kwathu, mpaka mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992. Kumeneko chiyankhulo chinali chimodzi, koma manambala ankatiululabe pamsika.

Masiku ano kumabwera anthu ochokera ku Zimbabwe, adzukulu a matchona aja, kudzafuna kwawo kwa agogo awo. Amafika ndi chitupa chakale cholembedwa Dedza kapena Ntcheu, n'kukafufuza kumeneko osapeza kanthu, mpaka wina awauze kuti tawolokani msewu mukafunse ku Angoniya. Chinyanja sadziwa, Chipwitikizi sadziwa. Akafika kuno amaitana ife okalamba amene tikukumbukirabe Chishona. Chitupacho timachiika pambali. Timawafunsa mfunda wa agogowo, dzina limene ankaitanidwa nalo ndi anzawo a kumudzi, phiri kapena mtsinje umene ankautchula akamwa mowa, ndiponso ngati ankawerenga ndalama zawo m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi.